Makina othandiza kumva akamalira mluzu kapena akangoti zii

Sabata yathayi chiperoni sichinatisiye kuno ku Thyolo, ndipo nyengo ikakhala yotere madandaulo a makina othandiza kumva amachuluka. Ena amati makina akulira mluzu, ena amati angoti zii, ndipo ambiri amafika atagamula kale kuti makinawo afa, pamene vuto nthawi zambiri limakhala pa kanthu kakang'ono kotheka kukonzedwa pomwepo.

Lolemba kunabwera mayi wina wothyola tiyi amene makina ake, a mtundu wokolekera kuseri kwa khutu, ankalira kwambiri moti anzake kumunda anayamba kudandaula, ndipo iye anali atawatsitsa mphamvu mpaka sankamvanso chilichonse. Mluzu umenewu umayamba mawu amene makina akweza akapeza mpata wothawira kunja kwa khutu n'kulowanso pa maikolofoni, kumene amakwezedwanso mobwerezabwereza. Motero makina olira ndi amoyo, ndipo chofunika ndi kupeza pamene mawu akudontha.

Ndinayamba ndi khutu lenilenilo poliunika ndi tochi yoonera m'khutu, chifukwa phula likatseka njira mawu amabwerera kunja, koma khutu la mayiwa linali loyera. Kenako ndinayatsa makina ali m'manja mwanga, ndinawakweza mphamvu, n'kutseka ndi chala kabowo kotulukira mawu pa chotsekera chimene chinaumbidwa motsatira khutu lawo. Mluzu ukadasiya pamenepo, ndikadadziwa kuti chotsekeracho sichikugwira bwino m'khutu, koma unapitirira. Nditachotsa kapaipi kolumikiza chotsekera ndi makina n'kutseka nsonga ya kangowe kokolekera makinawo pa khutu, phokoso linatheratu, ndiye kuti kapaipi ndi kamene kanali ndi mlandu. Kanali katasanduka kachikasu, kouma gwa, ndipo nditakapinda pang'ono panaoneka mng'alu wopyapyala ngati tsitsi pamene kamalowera m'chotsekera. Kapaipi kotere kamayenera kusinthidwa pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndipo podula katsopano munthu asamale utali wake, chifukwa kakafupika kamakoka chotsekera n'kuyambitsanso mluzu womwewo. Nditawaveka ndinawauza kuti, “Mayi, tatsegulani pakamwa ngati mukutafuna,” popeza nsagwada ikamayenda chotsekera cholobodoka chimadziulula. Sikunamveke kanthu.

Lachitatu kunali agogo aamuna ochokera cha ku Luchenza, amene makina awo ang'onoang'ono, okhala ndi kawaya ndi kachipewa ka labala kunsonga, anali atangoti zii. Makina osalankhula ndimayamba kuwafumbata m'dzanja atayatsidwa, chifukwa ali bwino amalira akafumbatidwa. Awa sanalire. Batire inali yatsopano, koma mdzukulu wawo ananena kuti anamatula mapepala onse a pamabatire tsiku limene anawagula n'kuwasunga m'kabotolo. Apa mpamene panali vuto loyamba, chifukwa mabatire amenewa amagwira ntchito ndi mpweya, ndipo kapepala kakachoka amayamba kutha ngakhale asanalowe m'makina. Kapepala kamachotsedwa pa batire imodzi yokha, panthawi yoigwiritsa ntchito, ndipo munthu adikire pafupifupi mphindi imodzi asanailowetse. Mtundu wa kapepala ndi umene umasonyeza kukula kwake: kachikasu ndi nambala 10, kofiirira ndi 312, kaolenji ndi 13, ndipo kabuluu ndi 675.

Ngakhale nditaika batire yabwino, mawu ankatuluka ngati akuchokera kutali. Nditavula kachipewa ndinapeza kasefa koyera, koteteza sipika ku phula, katadzaza mpaka kuda. Kasefa sikatsukidwa ndipo sikatokosoledwa ndi singano, chifukwa singano imakankhira phula mkati n'kuwononga sipika, koma kamasinthidwa ndi kamtengo kake kamene mbali imodzi imazula kakale ndipo ina imaika katsopano. Ndinasinthanso kachipewa ndi kokulirapo pang'ono, popeza kakale kanali katafooka ndipo kankasololoka agogowo akamalankhula, ndipo ndinakakoka pang'ono kuti nditsimikize kuti sikatsalira m'khutu.

Masiku otsalawo anali a chinyezi basi. Timadontho ta madzi timaoneka bwino m'kapaipi, ndipo kadontho kamodzi kamakwanira kutseka mawu onse. Ndimachotsa kapaipi pa makina, n'kukapopa ndi kapampu ka mpweya, osati ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa umawonjezera chinyezi. Chimandipweteka mtima kuona makina opindika chifukwa choyanikidwa pafupi ndi mbaula, ndiye aliyense ndimamuuza kuti usiku azichotsa batire, asiye kachitseko ka batire kotsegula, ndipo agoneke makina m'kabotolo kotseka kokhala ndi timibulu toyamwa chinyezi.

Makina amodzi okha Lachisanu ndi amene anapitiriza kulira ngakhale nditatseka nsonga ya kangowe, ngakhalenso nditasintha kangoweko. Pamenepo mawu akudontha mkati mwa makina, ndipo sindinawatsegule, koma ndinalembera mwini wake kalata yopita nayo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a za kumva.