Timamasulira ndi khutu, wotchi ili m'manja

Kampani yathu ndi yaing'ono: womasulira mmodzi, owerenga awiri, ndi kachipinda kojambuliramo mawu. Ntchito yambiri imachokera kwa mabungwe ndi amalonda amene amalemba uthenga wawo wa pawailesi m'Chingerezi, n'kufuna kuti umveke m'Chichewa. Nthawi amakhala atagula kale kuwailesi, kawirikawiri masekondi 30, ndipo siwonjezeka chifukwa choti chilankhulo chasintha. Mtengo wathu timawerengera pa utali wa uthenga wojambulidwa, osati pa kuchuluka kwa mawu a papepala.

Pepala likafika, choyamba timaliwerenga mokweza wotchi ikuyenda, kenako timachotsa nthawi ya nyimbo ndi dzina la wothandiza. Pa masekondi 30 nthawi zambiri pamatsala 26. Owerenga athu, akamalankhula mosathamanga, amatchula maphatikizo pafupifupi asanu pa sekondi, ndiye malire athu amakhala maphatikizo ngati 130. Timawerenga maphatikizo chifukwa kuwerenga mawu kumanamiza. Liwu limodzi ngati "sanathiridwe" lili ndi maphatikizo asanu, pomwe mawu ambiri a Chingerezi ali ndi limodzi kapena awiri. Papepala Chichewa chimaoneka chachifupi, koma pakamwa chimatalika.

Tengani uthenga wa kolera. Chiganizo cha Chingerezi chikatsatidwa liwu ndi liwu chimatuluka chonchi: "Madzi amene sanathiridwe mankhwala akhoza kuyambitsa matenda a kolera, omwe angathe kupha munthu mkati mwa maola ochepa ngati sanalandire chithandizo." Galamala yake ndi yolondola ndithu. Koma muli maphatikizo 57 ndi popumira pamodzi pokha. Wowerenga akafika pa "maola ochepa" mpweya umakhala watha, mawu amatsika, ndipo "chithandizo", chomwe ndi chofunika kwambiri, chimamezedwa. Komanso "akhoza", "angathe" ndi "omwe" akuchedwetsa nkhani, moti mayi amene akumvera uku akutsuka mbale sanauzidwebe chochita.

Apa timatembenuza pepala la Chingerezi n'kufunsana kuti mlangizi wa zaumoyo ataima pamjigo anganene bwanji. Zimatuluka izi: "Kolera sachedwa kupha. M'mawa munthu ali bwino, madzulo maliro. Madzi akumwa, thirani klorini. Wina akayamba kutsekula, thamangirani naye kuchipatala."

Maphatikizo ndi 56, kusiyana kwake limodzi lokha, ndiye musaganize kuti tapulumutsa nthawi. Chimene chasintha ndi malo opumira. Tsopano pali ziganizo zinayi, chilichonse chokwana mpweya umodzi, ndipo ziwiri zomalizazo zikuuza munthu chochita. M'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokedwa munthu akafika popumira, choncho liwu lomaliza limamveka kuposa anzake. N'chifukwa chake kumapeto tinaikako "kupha", "maliro", "klorini" ndi "kuchipatala". Chiganizo chikathera pa liwu lopepuka ngati "zimenezi", kukoka konseko kumapita pachabe. Kukokako kumadyanso nthawi, ndiye uthenga wa mipumiro yambiri timauwerenganso ndi wotchi tisanajambule.

"Madzulo maliro" m'Chingerezi munalibe. Mawu otere timawabwezera m'Chingerezi kuti mwini ntchito awaone ndi kuvomereza, ndipo ena amakana ponena kuti akuopseza. Akakana timachotsa, uthenga ndi wawo. Mlingo wa mankhwala, msinkhu wa ana, tsiku ndi mtengo sitisintha ngakhale pang'ono, chiganizo chikome chisakome.

Manambala ali ndi vuto lawolawo. "Zisanu ndi zitatu" ndi maphatikizo asanu ndi awiri, pomwe "eyiti" ndi atatu. Nambala ya foni ndi mtengo wa katundu timazisiya monga amatchulira anthu pamsika, koma "ana awiri" kapena "masiku atatu" zimakhala m'Chichewa. Chingerezinso chili ndi liwu limodzi la "iwe" ndi "inu", ndiye timasankha tisanayambe. Uthenga wopita kwa anthu onse ndi "inu" mpaka kumapeto, ndipo "iwe" amangolowa pamene anzawo awiri akucheza m'kasewero.

Tisanajambule, mmodzi amawerenga, wina amamvera atafulatira pepala, kenako amabwereza zimene wamva. Akalephera kutchula chochita, chiganizocho chimalembedwanso. Pepala la wowerenga timalilemba mzere umodzi mpweya umodzi, ndipo akapunthwa pamalo omwewo kawiri timasintha mawuwo m'malo momubwereza kachitatu. Uthenga ukapitirira ndi sekondi imodzi kapena awiri, timadula mawu ngati "pofuna kuonetsetsa kuti" n'kusiya "kuti". Kufulumizitsa mawu pakompyuta timakukana, chifukwa kumafinya maphatikizo okokedwa aja ndipo womvera amazindikira msanga kuti munthuyo akuthamangitsidwa.