Madzi anga anakanirira pa pepo

Ndinali ndi botolo la madzi amene sopo amakanika kuchita thovu, ndipo ntchito yanga inali yopeza kuchuluka kwa kashiamu ndi maginiziyamu amene ali m'menemo. Awiriwa ndiwo amalimbitsa madzi. Njira yake, yotchedwa titireshoni, ndi yothira mankhwala a EDTA pang'onopang'ono kuchokera mu byureti, chubu chagalasi cha mizere yoyezera ndi kampopi pansi, mpaka madzi atasintha mtundu, kuchoka pa kufiira ngati vinyo kufika pa buluu. Pa pepala zimaoneka zophweka. Ine ulendo woyamba buluuyo sindinamuone n'komwe.

EDTA imagwira ntchito ngati nkhanu. Ili ndi malo asanu ndi limodzi ogwirira, ndipo ikapana ayoni ya kashiamu kapena ya maginiziyamu siitaya. Ubwino wake ndi wakuti molekyulu imodzi imagwira ayoni imodzi basi, choncho ukadziwa EDTA imene yapita, wadziwanso kuchuluka kwa zimene yagwira.

Ndinayamba n'kukonza EDTA yangayo. Ndinayeza magalamu 3.72 a ufa wake, uja wa Na₂H₂Y·2H₂O, pamene Y akuimira EDTA, n'kusungunula m'madzi otchezedwa mpaka kukwana lita imodzi, kuti ikhale pafupifupi 0.01 M. Ndinaisunga m'botolo la pulasitiki chifukwa ikakhalitsa m'galasi imakoka maayoni a m'galasimo n'kuyamba kufooka. Mawu oti "pafupifupi" sakwanira, motero ndinaiyesa ndi madzi odziwika mphamvu yake: galamu 1.000 ya kashiamu kaboneti, CaCO₃, youma bwino, yosungunulidwa ndi HCl pang'ono n'kudzazidwa mpaka lita imodzi. Mililita iliyonse ya madzi amenewa imakhala ndi miligalamu imodzi ya CaCO₃.

Apa m'pamene panayambira vuto. Ndinathira bafa (osati losambiramo, koma mankhwala osunga pH kuti isasunthe), n'kuwonjezera indiketa ya EBT, mankhwala osintha mtundu posonyeza mathero, kaufa kongokwana pansonga pa kasipuni. Madzi anafiira bwinobwino. Ndinatsegula byureti, dzanja lamanzere pa mpopi, lamanja likuzunguza fulasiki. Kufiira kunazilala n'kukhala pepo. Ndinathira dontho, pepo. Madontho khumi, pepo yemweyo, wongoderako pang'ono. Panalibe dontho loti ndinganene kuti ili ndilo lamaliza.

Maganizo anga anathamangira pa indiketa, poti EBT yosungunula m'madzi siichedwa kuwonongeka. Koma yathu inali youma, yosakaniza ndi mchere wa NaCl, ndipo yoteroyo imakhalitsa. Mnzanga amene tinkagwirira limodzi ananyamula botolo la bafa, nalikupiza ndi dzanja chapatali ndi mphuno. "Achimwene, kodi simukumva kuti fungo lathamo? Bafa ameneyu akakhala wabwino amakutulutsani misozi." Chitsekerero chinali chosakhwima, amoniya wa m'bafamo anali atauluka. Titaviika mita yoyezera pH mu fulasiki, pH inali pansi pa 9, pamene imayenera kukhala 10.

Chifukwa chimene pH iyenera kukhala 10 chili pawiri. EDTA ikamagwira kashiamu imataya maayoni a H⁺, ndiye popanda bafa madzi amanka nawawasa titireshoni ili m'kati. M'madzi owawasa, zala za nkhanu zija zimadzadza ndi H⁺ ndipo zimagwira mofooka, makamaka maginiziyamu. Koma ukakwezanso pH kufika cha pa 12, maginiziyamu amagwa pansi ngati Mg(OH)₂, osawerengedwanso. Indiketa nayo ili ndi zofuna zake: EBT ikakhala yokha imaoneka buluu pa pH ya pakati pa 7 ndi 11, pansi pake imafiira, pamwamba pake imapita ku olenji. Pa 10 ndi pamene zonsezi zimagwirizana.

Tinakonza bafa watsopano m'kabati yokoka mpweya: magalamu 16.9 a NH₄Cl mu mamililita 143 a amoniya wamphamvu, magalamu 1.25 a mchere wa Mg-EDTA, n'kudzaza ndi madzi otchezedwa mpaka mamililita 250.

Mchere wa Mg-EDTA umenewu poyamba ndinkauona ngati wongowonjezera, pamene ndiwo mwini nkhani yonse ya mtundu. EBT imagwira kashiamu mofooka, koma maginiziyamu imamugwira bwino, ndipo kufiira kowala kuja kumachokera pa kugwirana kwa awiriwa. EDTA ili ndi makonda osiyana: imakonda kashiamu kuposa maginiziyamu pafupifupi ka 100. Choncho ikamalowa imayamba yatola kashiamu, kenako maginiziyamu woyandama, ndipo pomalizira penipeni imalanda maginiziyamu amene ali m'manja mwa indiketa. Indiketa ikatsala chimanjamanja imabwerera ku mtundu wake wa buluu. Madzi akakhala opanda maginiziyamu, monga a CaCO₃ ndinkayesera aja, mathero amakhala osokonekera. Mg-EDTA wa m'bafa amabweretsa maginiziyamu wofunikayo, ndipo sasintha yankho chifukwa amabwera ndi EDTA yake yokwanira ndendende.

Ndi bafa watsopano, mamililita 25.00 a madzi a CaCO₃ anadya mamililita 25.30 a EDTA. Kugawa 25.00 ndi 25.30 kumapereka 0.988, kutanthauza kuti mililita iliyonse ya EDTA yanga ikuimira mamiligalamu 0.988 a CaCO₃.

Tsopano madzi enieni aja. Ndinatunga mamililita 50.0 ndi pipeti, n'kuthira mamililita 2 a bafa, kenako indiketa. Bafa akangolowa sufunika kuzengereza. Ndimayesetsa kumaliza mphindi zisanu zisanathe, chifukwa pa pH 10 kashiamu amayamba kugwa ngati CaCO₃, madzi n'kuchita mbuu, yankho n'kutsika. Pansi pa fulasiki ndinaika pepala loyera, n'kukhala pafupi ndi zenera, poti babu wachikasu amapangitsa buluu kuoneka wofiirira.

Ulendo woyamba ndinathira mofulumira kuti ndingodziwa dera lake, ndipo ndinapitirira mpaka mamililita 9.60. Maulendo otsatira ndinathira msanga mpaka 8.5, kenako dontho limodzilimodzi, kudikira masekondi angapo pakati pake. Kudikiraku n'kofunika chifukwa kulanda maginiziyamu kwa indiketa kumachedwerako. Pepo akaoneka ndiye kuti wayandikira, koma sunafike. Mathero ndi pamene kakufiira komaliza kazimiririka, n'kutsala buluu weniweni. Ndimasunga fulasiki imodzi yomaliza kale pambali kuti ndizifanizira, chifukwa maso amatopa n'kuyamba kunama.

Ndinapeza 9.35, 9.30 ndi 9.35, ndipo pakati pake ndi 9.33. Madzi otchezedwa okhaokha, ndi bafa ndi indiketa yomweyo, anadya 0.05, choncho ndinachotsera n'kutsala ndi 9.28.

9.28 × 0.988 × 1000 ÷ 50.0 = 183

Amenewo ndi mamiligalamu 183 a CaCO₃ pa lita. Sizikutanthauza kuti m'madzimo muli CaCO₃ yokhayokha, koma kuti kashiamu ndi maginiziyamu onse pamodzi tawawerengera ngati kuti ndi CaCO₃. Pa muyezo umene ambiri amagwiritsa ntchito, madzi osapitirira 60 ndi ofewa, ndipo opitirira 180 ndi olimba kwambiri. Anga anangodumpha malirewo ndi 3, pamene dontho limodzi la mu byureti, pafupifupi mamililita 0.05, limasuntha yankho ndi 1. Mu lipoti ndinalemba 183, n'kunena kuti ali pa malire.

Pali pepo wina amene bafa watsopano sangamuchize. Botolo lotsatira linali la madzi ofiirira ndi dzimbiri, ndipo mtundu unakaniranso ngakhale pH inali 10 ndendende. Chitsulo ndi mkuwa zimagwira EBT mwamphamvu moti EDTA imalephera kuilanditsa. Ndinatunga madzi ena, n'kuyamba ndathira tirayethanolamini kuti aphimbe chitsulocho bafa asanalowe, ndipo buluu anabwera pa dontho limodzi.