Pule ikakhala ndi masi, matenishoni amakhala awiri

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso la makina a Atwood okhala ndi pule yolemera lalowa m'mutu, ndipo chomwe chatsegula zonse ndi mfundo imodzi yokha: chingwe n'chimodzi, koma tenishoni ya mbali iyi ndi ya mbali inayo sizingafanane. Zikanafanana, pule sikanayamba n'komwe kuzungulira.

Za makinawo mukudziwa kale, anzanga a fizikisi: zitsulo ziwiri, chingwe chodutsa pamwamba pa pule, monga George Atwood anafotokozera mu 1784. Timayamba ndi pule yopanda masi, n'kumalemba T imodzi mbali zonse mpaka dzanja kuzolowera. Komatu T imodziyo si khalidwe la chingwe ayi. Imabwera chifukwa I, momenti ya inesha ya pule, ndi ziro. Chomwe chimazunguza pule ndi toki, ndipo toki pano ndi (T₁ − T₂)R, pomwe T₁ ndi T₂ ndi matenishoni a mbali ziwirizo, R ndi rediyasi ya pule. Ngati I ndi ziro, toki yofunika ndi ziro, motero T₁ ndi T₂ zimakakamizika kufanana. Mukangoipatsa pule masi, pafunika kanthu koti kaifulumizitse kuzungulira, ndipo kanthuko sikangachokere kwina koma pa kusiyana kwa matenishoni awiriwo. Mbali ya chitsulo chachikulu imakoka kwambiri, mbali ya chaching'ono imakoka pang'ono, zotsalazo n'zomwe pule imadya.

Tiyeni tiike manambala, poti pakamwa pokha zimamveka ngati n'zophweka. Chitsulo chachikulu ndi m₁ = 5 kg, chaching'ono m₂ = 3 kg, pule ndi disiki ya M = 4 kg ndi R = 0.1 m, ndipo g = 9.8 m/s². Chachikulu chikutsika, chaching'ono chikukwera, pule ikuzungulira cha komwe kuli chachikulu. Mbali zimenezi ndi zomwe ndikuziwerengera ngati zopita patsogolo, kuti zizindikiro zisasokonezane.

m₁g − T₁ = m₁a
T₂ − m₂g = m₂a
(T₁ − T₂)R = Iα

Zosadziwika zilipo zinayi, a, α, T₁ ndi T₂, koma maikweshoni ndi atatu. Yachinayi imabisala m'mawu aja oti chingwe sichikuterereka, mawu omwe ambiri timangowadumpha ngati zokometsera funso. Tanthauzo lake n'loti chingwe chikayenda sentimita imodzi, mkombero wa pule nawonso wayenda sentimita imodzi, ndiye kuti a = Rα. Mukaika α = a/R mu ikweshoni yachitatu, imasanduka T₁ − T₂ = (I/R²)a. Phatikizani zitatuzo, matenishoni amafafanizana okha:

a = (m₁ − m₂)g / (m₁ + m₂ + I/R²)

Disiki ili ndi I = ½MR², choncho I/R² ndi theka la M, lomwe ndi 2 kg. Onani kuti R wathawa. Funso limakupatsani 0.1 m, koma pofuna a simuigwiritsa ntchito. Imafunika pokhapokha akafunsa α, yomwe pano ndi 19.6 rad/s². Ndiye a = 19.6/10 = 1.96 m/s². Kubwerera ku maikweshoni awiri oyamba, T₁ = 5 × (9.8 − 1.96) = 39.2 N, pomwe T₂ = 3 × (9.8 + 1.96) = 35.28 N. Kusiyana kwake ndi 3.92 N, ndipo 2 kg kuchulukitsa ndi 1.96 kumatipatsanso 3.92 N yomweyo. Zikagwirizana chonchi, munthu umapuma.

Pule ikanakhala yopanda masi, a ikanakhala 19.6/8 = 2.45 m/s², tenishoni n'kukhala 36.75 N mbali zonse. Taonani pomwe 36.75 yagwera, pakati pa 35.28 ndi 39.2. Zikumveka ndithu. Pule yolemera yachepetsa kufulumira, ndiye chitsulo chachikulu chikugwiridwa mwamphamvu kuposa kale, pomwe chaching'ono chikukokedwa mofatsa kuposa kale. Apa pali njira yodzionera ngati mwalakwitsa: T₁ iyenera kuchepera m₁g, yomwe ndi 49 N, T₂ iyenera kuposa m₂g, yomwe ndi 29.4 N, ndipo T₁ iyenera kuposa T₂. Mukapeza T₂ yaikulu kuposa T₁, kapena a yoposa 2.45, pali chizindikiro chomwe chatembenuzika mu ikweshoni ya toki.

Njira yomwe ndaikonda, mwina mopitiriza, ndi yoiona pule ngati chitsulo chachitatu cha masi I/R² chomwe chamangiriridwa pa chingwe chomwecho. Chiyenera kukokedwa, koma icho sichikoka mbali iliyonse, n'chifukwa chake chimaoneka pansi pokha pa fomula, pamwamba mulibe. Ine ndikuti njira iyi imaposa zonse. Mumangoyang'ana funso n'kulemba yankho mu mzere umodzi. Akasintha pule n'kuika yomwe masi ake onse ali kumkombero, ngati rimu ya njinga, I = MR², ndiye mumaika 4 kg yonse m'malo mwa 2, a n'kutsikira pa 19.6/12, pafupifupi 1.63 m/s². Ena amakonda kudzera ku enaji, ndipo yankho limatuluka lomwelo: chitsulo chachikulu chikatsika mita imodzi kuchokera poima, v² = 3.92. Koma enaji payokha sikupatsani matenishoni, mumabwererabe kwa Newton. Inde, ndikudziwa kuti zingwe zikakulungidwa pa marediyasi awiri osiyana, zitsulozo sizikhalanso ndi a imodzi ndipo mzere umodzi uja sukwanira. Komabe sindiisiya.

Chomwe chimandinyansa ndi momwe mutuwu umaphunzitsidwira. Aphunzitsi amathera masabata ambiri pa pule yopanda masi, kenako teremu ikamatha, mayeso ali pakhomo, pule yolemera amaiponya pa bolodi mphindi zochepa, fomula n'kuizunguliza ndi choko, basi. Palibe amene amaima n'kunena kuti T imodzi ija inali ya nthawi yapadera chabe. Komanso mawu oti "palibe fulikishoni" amawanena osatchula kuti kuti. Malo ake alipo awiri. Pa chitsulo chapakati chomwe pule imazungulirapo, pamenepo inde tikuti palibe. Koma pakati pa chingwe ndi mkombero iyenera kukhalapo, apo ayi chingwe chingangotsetsereka pamwamba pa pule yoima, ndipo masi a pule sangakhudze kalikonse. Fulikishoni imeneyi ndi yomwe imasintha tenishoni pang'onopang'ono kuchoka pa 35.28 N kufika pa 39.2 N pomwe chingwe chikukhota pamwamba pa pule. Poti ndi yogwira, osati yokhulana, sidya enaji, n'chifukwa chake njira ya enaji imagwirabe ntchito.

Ili ndi malire ake. Chingwe chikakuta theka la pule, sichiterereka bola T₁/T₂ isapose e^(μπ), pomwe μ ndi koefishenti ya fulikishoni ya pakati pa chingwe ndi mkombero. Pa manambala athuwa T₁/T₂ ndi pafupifupi 1.11, zomwe zikungofuna μ ya pafupifupi 0.034, yaing'ono zedi. Koma mukakulitsa kwambiri masi a pule, a imayandikira ziro, matenishoni amayandikira 49 N ndi 29.4 N, ndipo μ yofunika imakwera kufika cha pa 0.16. Ikapanda kukwana, a = Rα yatha ntchito, chitsulo changa chachitatu chija nacho chapita.

Pali pomwe mutu ukuzungulirabe. Chingwe chenicheni chimatamuka, ndipo chimatamuka kwambiri komwe tenishoni ili yaikulu. Ndiye kachidutswa ka chingwe kamakwera pa pule kali kafupi, n'kutsika mbali inayo katatalikirapo pang'ono. Kutalikako kuyenera kuchitikira pa mkombero pomwepo, kutanthauza kuti penapake kakukhulana ndi pule, ngakhale pang'ono bwanji. Pa pepala timati chingwe sichitamuka, nkhani n'kutha. Koma mu labu, ndi ulusi weniweni, "sichikuterereka" ameneyu amakhala woona mpaka pati? Pamenepa sindinafikepo.