M'mene ndinalembera alendi anga chidziwitso cha poimika galimoto

Ndili ndi nyumba zisanu za lendi mumpanda umodzi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angoniya, ndipo geti ndi limodzi. Chidziwitso changa choyamba chinali cha mzere umodzi wokha: “Chonde tiziimika bwino magalimoto.” Ndinachimata pageti, aliyense anachiwerenga n'kuvomereza, koma palibe chinasintha, chifukwa aliyense ankaona kuti iye amaimika bwino kale. Patangotha milungu iwiri, Kanta ya bambo a m'nyumba yachinayi, itasenza matumba a mbatatesi, inabwerera m'mbuyo usiku mpaka tayala linakwera pa silabu ya fosa ya zimbudzi. M'mawa ndinapeza mng'alu wolowa chala, fungo likutulukira pomwepo, ana akusewera chapafupi. Tsiku limenelo sindinadye bwino.

Ulendo wachiwiri sindinayambire pa pepala. Ndinabwereka tepi kwa mmisiri amene anadzakonza silabu uja, tinayeza bwalo limodzi. Kuchokera pageti kufika kuzimbudzi ndi mamita 15, ndipo pakati pa makonde a mbali ziwiri ndi mamita 9. Pongoyang'ana ndi maso limaoneka lalikulu ndithu. Koma mbali iliyonse ndinachotsako mita imodzi ndi theka, chifukwa m'pamene amayi amaika mbaula, amatsukira mbale ndiponso pamene ana amakhala. Panatsala mamita 6. Kumapeto ndinachotsanso mamita 3 a fosa, panatsala mamita 12. Galimoto yaing'ono imafuna malo a mamita 2 ndi theka m'lifupi, ndipo ikamaima mondondozana ndi inzake imafuna pafupifupi mamita 6 m'litali kuti ithe kutuluka popanda kudzutsa mwini wa inayo. Ndiye kuti bwalo langa limakwana magalimoto awiri okha, mbali imodzi, n'kutsala njira ya mamita 3 ndi theka yoyang'anizana ndi geti. Alendi anga anali ndi magalimoto ang'onoang'ono awiri, Kanta imodzi ndi njinga zamoto zitatu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti vuto silinali mwano wa munthu. Malo ndi amene sankakwana, ndipo ine ndinali ndisanamuuzepo aliyense.

Kenako ndinayenda khomo ndi khomo ndi kope, kufunsa nthawi imene aliyense amatuluka ndi kubwera. Musadumphe gawo limeneli. Mayi a m'nyumba yachiwiri ndi namwino ndipo nthawi zina amaitanidwa pakati pa usiku, choncho malo oyandikana ndi geti anayenera kukhala awo. Aphunzitsi a m'nyumba yachisanu galimoto yawo imatha masiku atatu isanayende, iwo anatenga malo a m'kati osadandaula.

Chovuta chinali Kanta. Ndinapita kwa mwini wake madzulo, tinakhala pakhonde, ndinawaonetsa manambala aja.

“Mayi, tsiku lolowa m'nyumba muno munandiuza nokha kuti galimoto izigona mumpanda,” iwo anatero.

Ananena zoona. Ndinalonjeza pakamwa, nthawi imeneyo bwalo lili lopanda galimoto ina. Ndinayankha kuti, “Bambo, sindikukana. Koma fosa ija ikadzagumuka ndi mwana pamwamba, tonse tidzasowa chonena.” Tinamvana kuti Kanta izigona pamalo ena a mlonda chapafupi, ndipo ine ndichotse metikali 300 pa lendi yawo mwezi uliwonse kuti ithandize kulipira kumeneko. Zinandipweteka m'thumba, koma lonjezo linali langa. Silabu tinagawana: iwo simenti ndi zitsulo, ine mmisiri.

Ndisanalembe mwaudongo, ndinatengera pepala la pensulo kwa a sekeretariyo a bairo, popeza mkangano ukakula umakathera kwa iwo. Ndinali nditalembapo kuti wophwanya lamulo azilipira metikali 200 pamwamba pa lendi. Anandilangiza kuti ndichotse, chifukwa m'mapangano a lendi amene tinasainirana munalibe chindapusa chilichonse, ndipo munthu akakana kulipira ndilibe poimira. Anati ndilembe zoti wowononga chinthu akonze, ndipo ngati ndikufuna chindapusa ndidzachiike m'pangano latsopano, mlendi atawerenga n'kuvomera. Ndinamvera. Chidziwitso chinatuluka chonchi:

“Kwa alendi onse a mumpanda uno. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, mumpanda muzigona magalimoto awiri okha. Malo 1, pafupi ndi geti, ndi a nyumba yachiwiri. Malo 2 ndi a nyumba yachisanu. Njinga zamoto ziziima pansi pa mtengo wa mapeyala, m'mbali mwa nyumba yoyamba, osati pakhonde kapena m'nyumba. Galimoto ya katundu ikhoza kulowa kudzatsitsa, osapitirira ola limodzi, ndipo isadutse mzere umene uli patsogolo pa fosa. Galimoto za alendo ziziima kunja. Njira yochokera pageti isatsekedwe usana ndi usiku. Polowa muzilowa chobwerera m'mbuyo, munthu wina akuyang'ana ana, kuti potuluka muzituluka chakutsogolo. Geti lizikhomedwa 9 koloko usiku, nyumba iliyonse ili ndi kiyi. Wowononga mpope, fosa kapena geti akonza yekha. Amene ali ndi dandaulo andipeze tsiku loyambira lisanafike.”

Mfundo yolowa chobwerera ija anthu anaifunsa kwambiri. Bwalo langa n'losatheka kutembenuziramo galimoto, ndiye kubwerera m'mbuyo n'kosapeweka, kaya polowa kaya potuluka. Madzulo pakhomo pamakhala akuluakulu oti n'kugwira mwana dzanja. M'mamawa munthu amakhala akuthamangira kuntchito, galasi lakumbuyo lili ndi mame a kuzizira kwa kuno, mwana akuchokera kuchimbudzi. Za njinga zamoto ndinaumirira chifukwa ndinaonapo ina ikudontha petulo pakhonde, mbaula ikuyaka mikono iwiri kuchokera pomwepo.

Ndinalemba m'Chichewa, mwana wanga analemba zomwezo m'Chipwitikizi kuseri kwa pepala, poti namwino uja ndi wochokera ku Beira ndipo Chichewa chowerenga chimawavuta. Ndinajambulanso ka mapu ka bwalo ndi manambala a malo. Nyumba iliyonse inalandira mapepala awiri pamanja, limodzi lawo, lina anasaina ndi kulembapo deti n'kundibwezera. Ndinapereka kutatsala milungu iwiri, ndipo lina ndinaliika m'pulasitiki n'kulikhomera m'kati mwa geti.

Cholakwika chinapezekabe. Mizere ndinaijambula ndi laimu, mvula yoyamba ya mu Novembala inangoikokolola yonse, ndipo galimoto ya aphunzitsi inayamba kusendera pang'onopang'ono kulowa m'njira. Ndinadziwira pa mayi a m'nyumba yachitatu, amene ndinawaona akudutsa chammbali ndi ndowa pamutu. Tinakumba timingalande n'kukwiriramo njerwa zootcha mogoneka, msana wake wokha ukuoneka. Patsogolo pa fosa ndinaikapo matayala akale awiri odzaza ndi konkire, chifukwa dalaivala wotopa saona njerwa usiku, koma tayala la galimoto likagunda chinthu amaima.

Ndinaiwalanso za maliro ndi matenda. Mwezi wachiwiri agogo a m'nyumba yoyamba anadwala usiku, galimoto ya abale awo inalowa mpaka pakhomo n'kugona pomwepo, ndipo m'mawa wina anabwera kudzandifunsa ngati lamulo lasintha. Ndinatenga bolopeni n'kuwonjezera pansi pa mapepala onse asanu kuti pa matenda ndi pa zovuta galimoto iliyonse ikhoza kulowa, bola mwini wake asiye kiyi kwa ine kapena kwa mwini nyumba imene wafikira. Aliyense anasainanso pambali pa mzere umenewo.