Lachiwiri ku holoselo: yankho kwa mayi wa ku Thondwe

Ntchito imene yanditengera nthawi lero ndi kuyankha uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mayi wina amene watsegula golosale ku Thondwe. Mayiyu anabwera kuno ku Limbe mwezi watha n'kudzapikula katundu kamodzi, ndipo analipira zonse pompopompo. Tsopano akupempha mabelo 10 a shuga, zigubu 5 za mafuta ophikira za malita 20 ndi makatoni 6 a sopo pangongole, kuti adzalipire pakatha masiku 30.

Zoti sitingapereke zinali zodziwikiratu. Kumene timatenga shuga ndi mafuta amafuna ndalama katundu asanakwere galimoto, ndipo mitengo simakhazikika. Amene anali m'malonda mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti ngongole zimene zinabwezedwa pamtengo wakale sizinakwane kugula katundu yemweyo. Chovuta chinali kukana kwake, chifukwa mayiyu ndi kasitomala amene ndikufuna kumusunga.

Mnyamata wathu wa pakauntala analemba kuti: "Pepani, sitipereka ngongole kwa anthu amene sitikuwadziwa." Palibe bodza m'mawuwa, koma akuloza munthu, ndipo wowerenga amangomva kuti akumukayikira ngati wakuba. Mlongo wanga, amene amasunga mabuku, anafuna kuti tingolemba kuti tiona kumapeto kwa mwezi. Yankho limeneli ndimaliopa kuposa loyamba lija, chifukwa munthu wosowa mpamba amalimva ngati lonjezo. Akhoza kuuza makasitomala ake kuti katundu akubwera, mwinanso kuchita hayala galimoto, n'kudzamvera pakhomo pathu kuti palibe chimene anyamule. Manyazi otere munthu saiwala, ndipo sabweranso. Sindinafunenso kunamizira kuti katundu watha, pakuti mawa lomweli akhoza kutuma munthu ndi ndalama n'kupeza mabelo ali mbwee m'sitolo.

Choncho ndinalemba ndekha motere:

"Zikomo kwambiri mayi chifukwa chotiganizira, ndiponso chifukwa cha malonda a mwezi watha. Pempho lanu taliona, koma pakadali pano sitingathe kupereka katunduyu pangongole. Lamulo la sitolo yathu ndi lakuti kasitomala aliyense watsopano amayamba wagula ndi ndalama kwa miyezi itatu, popeza nafenso timalipiriratu kumene timatenga katundu. Miyeziyo ikakwana tidzakhala pansi, ndipo ngati zonse zili bwino timayamba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a oda, lolipira pa masiku 7. Ngati mungakonde, sabata ino tikhoza kukukonzerani oda yocheperapo molingana ndi ndalama zimene muli nazo, pamtengo wathu wopikulitsa womwewo, ndipo mukhoza kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Tidzasangalala kupitiriza nanu malonda."

Kukana ndinakuika m'chiganizo chachiwiri mwadala. Kukabisika kumapeto, pansi pa malonje ndi mapepeso ambiri, munthu amawerenga mizere yoyambayo ndi chiyembekezo, ndiye kugwa kwake kumapweteka kwambiri. Chifukwa ndinapereka chimodzi chokha, ndipo ndi cha ife, osati cha iye. Zifukwa zikachuluka zimasanduka zokambirana, munthu n'kuyamba kuzichotsa chimodzichimodzi mpaka iwe kusowa poima. Nkhani za anthu amene anatithawa ndi ngongole, ngakhale zilipo, sindinazitchule, chifukwa kuzitchula n'kumuika mayiyu m'gulu lawo.

Pa zam'tsogolo ndinasamala kwambiri. Ndinalemba kuti tidzakhala pansi, osati kuti tidzapereka, chifukwa uthenga wa pafoni umasungidwa, ndipo tsiku lina udzawerengedwa mokweza pakauntala. Komabe miyezi itatu, gawo la oda ndi masiku 7 ndinazitchula momveka, kuti mayiyu adziwe chimene angachite m'malo mongodikira chifundo chathu. Lamulo limeneli lilipodi, ndipo linagwiranso ntchito kwa msuweni wathu pamene ankayamba okala yake. Likanakhala lopeka lero, zikanadziwika msanga, chifukwa ogulitsa a mumsewu wa Zomba amakumana m'maminibasi ndipo amauzana zonse.

Yankho linabwera chakumadzulo. Anafunsa ngati sitingamuthandize ndi theka lokha, poti mwezi ukutha ndipo anthu alandira. Apa ndi pamene ambiri amafewa, koma theka la oda imeneyi likadali ngongole yaikulu kwa munthu amene wagula kamodzi. Ndinabwereza mwaulemu kuti lamulo ndi lomwelo kwa onse, kenako ndinamulangiza kuti ayambe ndi shuga ndi mafuta, zimene zimayenda msanga, sopo adzatenge ulendo wina. Wavomera mabelo 3 ndi zigubu 2, ndipo wati atumiza ndalama Lachinayi m'mawa. Mlongo wanga wamutsegulira tsamba m'buku la makasitomala, n'kulembapo tsiku la oda ya mwezi watha kuti miyezi itatu ija iwerengedwe kuyambira pamenepo.