Mabilinganya aleka kundimwera mafuta

Dzulo madzulo ndakazinga mabilinganya awiri akuluakulu ndi masupuni atatu okha a mafuta, ndipo afewa mpaka mkati popanda kuwawa. Sabata yapitayi mabilinganya a kukula komweku ankandithera theka la kapu, n'kutuluka ali nonono ngati ndawaviika m'botolo. Ndi mmene mafuta ophikira akwerera mtengomu, nkhaniyi imandipweteka mtima, choncho ndati ndilembe ndisanaiwale zomwe ndachita.

Chimene chinanditayitsa masiku ambiri n'chakuti ndinkaganiza kuti kuwawa ndi kumwa mafuta ndi vuto limodzi, ndipo mankhwala ake ndi mchere basi. Ayi ndithu, ndi mavuto awiri.

Kuwawa kunachokera kudimba kwanga. Ndinabzala Black Beauty, aja ofiirira modera onenepa, koma m'nyengo yotentha ya Okutobala chitsime chinatsika ndipo ndinkathirira modumphitsa. Kuonjezera apo ndinkawasiya kumtengo kuti akule kwambiri. Nditadula limodzi pakati ndinapeza njere zambirimbiri, zofiirira ndi zolimba, khungu litasiya kunyezimira. Limenelo ndi bilinganya lokhwimitsa, ndipo ngakhale mulithire mchere wochuluka bwanji, kuwawa kumatsalabe kukhosi. Mchere umangobisa kuwawa pang'ono palilime ndi kutulutsako madzi, suchotsa njere zokhwima. Tsopano ndimathyola akadali anthete, khungu likuwala, ndipo ndikadina ndi chala pamalowa pang'ono n'kubwerera. Pakatsala dzenje ndiye kuti lakhalitsa. Mkati njere zizikhala zoyera, zofewa moti mpeni sukuzimva.

Izi anandiphunzitsa ndi mayi ena amene ndimagulako ndiwo mumsika wa Zomba. Iwo sandisankhira lalikulu. Amanyamula awiri ofanana, lina dzanja ili lina dzanja ili, n'kundipatsa lolemera, amvekere: "Tengani ili achemwali, lopepukalo ndi la dzana." Amayang'ananso kachipewa kobiriwira ka kuphesi kaja, kakauma salola kuti nditenge. Ndi omwewo amene amandisungira zimphwa. Zimphwa ndiye sindilimbana nazo, kakuwawa kake ndi komwe timazikondera, makamaka zikatenderedwa ndi nsinjiro. Nkhani yanga ili pa mabilinganya akuluwa.

Tsono za mafuta. Mnofu wa bilinganya uli ngati siponji, wodzaza timipata ta mpweya. Mukaliponya laliwisi m'felempani, mafuta amathamangira m'timipatamo, felempani n'kuuma nthawi yomweyo. Apa ndi pomwe ndinkalakwitsa: ndikaona pauma ndinkathiranso ena, iwo n'kumwanso. Chofunika n'chakuti timipatato tiphwe mafuta asanalowemo, ndipo ntchito yeniyeni ya mchere ndi imeneyi. Umakoka madzi kuchokera m'mnofu, mnofuwo n'kunyala n'kuthinana.

Koma mcherewo unandizunza masiku anayi. Tsiku loyamba ndinawaza n'kudikira mphindi 10 zokha. Pamwamba panangochita thukuta, mkati muli chimodzimodzi, ndipo anamwa mafuta ngati kale. Tsiku lachiwiri ndinati ndiwagoneke ndi mchere usiku wonse. M'mawa ndinawapeza atada, ali lendelende, mchere utalowerera moti kutsuka sikunathandize, ana anangodya nsima ndi msuzi wa nyemba. Tsiku lachitatu nthawi ndinaipeza bwino, koma nditatsuka ndinawaponya m'mafuta ali chinyowere. Mafuta anathetheka mpaka kundiwotcha pamkono, kenako anazizira, mabilinganyawo n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Tsiku lachinayi zonse zinali bwino kupatula moto: makala anali atatsala pang'ono kuzima, ndipo pamoto wozizira bilinganya limakhala nthawi yaitali likuyamwa lisanapse.

Dzulo ndinachita motere. Mabilinganya awiriwo pasikelo yanga anakwana magalamu 600. Sindinasende onse, ndinangochotsa khungu mizeremizere kuti zidutswa zisaphwanyike. Ndinadula mozungulira, kunenepa kwake ngati chala chamkombaphala, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Zopyapyala kwambiri zimamwa mafuta ambiri chifukwa malo okhudza felempani amachuluka. Ndinawaza supuni imodzi yaikulu ya mchere wosalala, yosasefukira, mbali zonse ziwiri, n'kusanja m'sefa. Pamwamba ndinaika mbale, pambalepo mwala wotsuka bwino, pansi beseni. Patatha mphindi 45 m'beseni munali timadzi tofiirira ngati tiyi wosalowerera, ndipo chidutswa chinkapindika osathyoka. Chizindikiro ndi chimenecho: chikamathyokabe, dikirani.

Ndinatsuka mwachangu, kamodzi kokha, n'kufinya zidutswa zitatuzitatu m'kansalu koyera mpaka kansalu kasiye kunyowa. Kufinyaku musakuchitire ulesi, n'kumene kunandisinthira zinthu kuposa china chilichonse.

Mbaula ndinaikoleza mpaka makala onse afiire. Felempani yanga ndi yachitsulo chokhuthala, ndinaisiya itenthe kaye yopanda kanthu, kenako ndinathira supuni imodzi ndi theka ya mafuta. Ndilibe choyezera kutentha, ndiye ndimaponyamo kachidutswa: kakalira nthawi yomweyo mafuta apsa, kakangokhala chete ndimadikira, mafuta akayamba kufuka ndimaphula pang'ono. Ndinaika theka la zidutswazo, chilichonse pamalo pake osasanjikiza, n'kuzisiya osazigwedeza mphindi zitatu kapena zinayi mpaka pansi pafiire, kenako n'kutembenuza.

Apa felempani inauma, ndipo dzanja linafuna kupita kubotolo. M'malo mwake ndinathira masupuni awiri a madzi m'mbali n'kuvundikira msanga. Nthunzi inafewetsa mkati pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Nditavundukula ndinaona chinthu chimene chinandisangalatsa kwambiri: timadontho ta mafuta tikutuluka m'zidutswa kubwerera m'felempani. Bilinganya likapsa n'kuphwa limabweza ena mwa mafuta amene linamwa. Ndiye kuti masiku onse aja ndinkathira mafuta pa nthawi imene ndinkangofunika kudikira. Gulu lachiwiri ndinachita chimodzimodzi ndi supuni imodzi ndi theka yotsalayo.

Mmene mungadziwire kuti lapsa: foloko ilowe popanda kukana, ndipo mnofu usiye kuyera, ukhale wotuwa mofewa. Pakatsala poyera ngati thonje, pamenepo m'paliwisi, ndipo pamachita khwinyikhwinyi m'mano n'kumawawirako.

Msuzi ndinapanga padera, tomato atatu, anyezi mmodzi ndi adyo, m'mafuta omwe anatsala m'felempani aja. Sindinathiremo mchere mpaka nditasakaniza ndi kulawa, chifukwa mabilinganya amakhala atatenga wawo kale, ndipo ndinangoonjezera kotsina. Bambo a kunyumba, amene amati mabilinganya amawalemera m'mimba, anapempha ena.

Chaka chatha ndinkawaotcha athunthu pamakala mpaka khungu lipserere, n'kusenda, n'kupota ndi nsinjiro. Njira imeneyo siifuna mafuta n'komwe ndipo kafungo ka utsi kamakoma, koma musaiwale kubowola ndi foloko, chifukwa limatha kuphulika. Kungoti anthete okha ndi amene amayenera, okhwima amawawabe.

Chotsatira ndikufuna ndiyese kuwaviika m'madzi a mchere m'malo mowaza, ndione ngati zingafanane, komanso kuwafewetsa ndi nthunzi ndisanawakazinge kuti mchere ndiusiyiretu. Mvula ikagwa ndibzala aataliatali aja pambali pa Black Beauty, mwinanso oyera ndikapeza mbewu, kuti ndiwayerekeze m'felempani imodzi. Ndikuganizanso zoyanika ena ngati mfutso, ngakhale thandala loyanikira sindinamange.