Nambala ya 700 ndi matayala amene anatha msanga

Sabata yathayi ntchito yanga yogulitsa ndi kuika matayala inadzaza ndi funso limodzi, lokhudza mawu atatu amene amadindidwa m'mbali mwa tayala, akuti TREADWEAR, TRACTION ndi TEMPERATURE, osonyeza kukhalitsa kwa tayala, kugwira msewu ndi kupirira kutentha. Zizindikirozi zinachokera ku America, kumene bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, limalamula kuti matayala a galimoto zing'onozing'ono azikhala nazo, ndipo makasitomala amene aziphunzira kumene amazikhulupirira mopitirira muyeso.

Lolemba kunabwera bambo wina amene ankafuna matayala a saizi ya 205/55 R16. Ndinawaonetsa mitundu iwiri ya makampani osiyana, wina wolembedwa 700 A B, wina 340 AA A, nambalayo ndi ya TREADWEAR, zilembo zotsatira ndi za TRACTION kenako TEMPERATURE. Iwo anasankhiratu woyambawo, ati ukhala kawiri kuposa unzakewo. Ndinawapempha kuti ayambe amva mmene nambalayo imapezekera. Tayala limayendetsedwa pa misewu ya kufupi ndi San Angelo ku Texas kwa mamailosi 7,200, omwe ndi makilomita pafupifupi 11,500, ndipo kutha kwa mizere yake kumayerekezedwa ndi kwa tayala lapadera loyezera. Tayala la 200 liyenera kukhala kawiri kuposa la 100 pa msewu umenewo. Koma pa mtunda wotere tayala silifika pothera, choncho moyo wake wonse amachita kuwerengetsera. Chinanso, nambalayo imaikidwa ndi kampani yopanga tayalayo, imene siloledwa kuikweza koma ikhoza kuitsitsa, mwina pofuna kuti tayala lake lotsika mtengo lisaoneke lolimba kuposa lodula. N'chifukwa chake ndinawauza kuti, “Bambo, 700 ndi 340 zikanakhala za kampani imodzi ndikanakuvomerezani, koma pa makampani awiri chimene tingatsimikize n'chakuti loyambalo analipangira kukhalitsa, pamene lachiwirili labala wake ndi wofewa, wogwira msewu.”

Atandiuza kuti amayenda kwambiri m'misewu ikuluikulu, ngakhale nthawi ya mvula, tinafika pa TRACTION. Magiredi ake ndi AA, A, B ndi C, ndipo amayeza chinthu chimodzi chokha: mmene tayala limagwirira phula ndi konkire zonyowa pamene gudumu lamangidwa mabuleki mpaka kusiya kuzungulira, likukhwekhwereza molunjika pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Sanena kanthu za kukhota, za msewu wouma, kapena za kuyandama kwa tayala pamadzi ambiri. Komanso galimoto zamakono zili ndi mabuleki a ABS amene salola gudumu kuima motero. Ine giredi imeneyi ndimaigwiritsa ntchito pokana tayala osati posankha: la C sindimuikira munthu, la B ndimachita nalo chidodo, koma kusiyana kwa A ndi AA sikundichititsa kuumiriza kasitomala. Bambowo anatenga a 340 aja, akudziwa kuti adzawasintha msanga.

Lachinayi kunabwera mayi wina akudandaula kuti matayala awo akutsogolo, olembedwa 600, atha asanayende mtunda umene ankayembekezera. Titakweza galimotoyo ndinapititsa dzanja pa tayala ndipo ndinapeza kuti mbali yam'kati inali itasalala mpaka kufika pa timizere topingasa tosonyeza mamilimita 1.6, pamene mbali yakunja inali idakali yakuya. Kutha kwa mbali imodzi kotere kumasonyeza alayimenti yolakwika, ndipo makina athu anatsimikiza zimenezo. Likanakhala vuto la kuchepa kwa mpweya, bwenzi atatha m'mphepete monse muwiri pakati pali bwino. Palibe nambala ya TREADWEAR imene ingapirire gudumu loyenda mopendekeka.

Za TEMPERATURE sitinakambe zambiri sabata yonseyi. Giredi A imapirira kutentha pa liwiro loposa makilomita 185 pa ola, B kuyambira pafupifupi 160 mpaka 185, ndipo C kuyambira pafupifupi 137 mpaka 160, koma zonsezi zimayezedwa mu labotale pa tayala lopopedwa bwino ndi losalemedwa. Tayala la A lopanda mpweya wokwanira, litasenza katundu wopitirira, limatentha n'kuphulika ndithu.

Lachisanu ndinayendera matayala atsopano pamodzi ndi mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito, ndipo ndinamuuza kuti aziyamba ndi saizi ndi chizindikiro ngati 91V, chotanthauza makilogalamu 615 pa tayala limodzi ndi liwiro la makilomita 240 pa ola, zimene siziyenera kutsika poyerekeza ndi zimene wopanga galimoto analemba. Kenako aziona manambala anayi omalizira a chizindikiro cha m'mbali mwa tayala choyamba ndi zilembo za DOT, chifukwa 2319 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Magiredi atatu aja aziwayang'ana zimenezi zikatha, ndipo akapanda kuwapeza pa matayala a LT, a galimoto zing'onozing'ono zonyamula katundu, kapena pa kasipeya kakang'ono asadabwe, pakuti lamulo lija siliwakhudza.